Kuwerengera Madzi a Mvula Odikha Pakati pa Zipilala

Zipilala zotalika mosiyana zikaimikidwa mogundana pamzere umodzi, mvula n'kugwa, madzi ena amadikha m'malo otsika pomwe ena amatayikira m'mbali. Funso limene olemba mapulogalamu a pakompyuta amapatsidwa kawirikawiri ndi loti apeze kuchuluka kwa madzi otsalawo, atauzidwa misinkhu ya zipilala yokha. Chipilala chilichonse chimatengedwa kuti mulifupi mwake ndi muyezo umodzi, choncho madzi amawerengedwa m'timabokosi tofanana.

Lamulo lake lili ngati la damu: madzi sakwera kupitirira khoma lalifupi. Pa chipilala chilichonse pamafunika kudziwa chipilala chachitali koposa kumanzere kwake ndi chachitali koposa kumanja kwake. Chachifupi mwa ziwirizi ndicho chimalamula pamene madzi alekezere. Kuchotsapo msinkhu wa chipilala chimene madziwo akhalapo, chotsalacho ndiye kuya kwa madzi pamalopo.

Njira yosavuta kuiganiza ndi yoyang'ana mzere wonse mbali zonse ziwiri pa chipilala chilichonse, koma zipilala zikawirikiza kawiri, ntchito imawirikiza pafupifupi kanayi. Njira ya zolozera ziwiri imadutsa mzerewo kamodzi kokha. Cholozera china chimayambira kumanzere, china kumanja, ndipo chilichonse chimasunga msinkhu waukulu koposa umene chakumana nawo panjira. Nthawi zonse chimene chimasuntha ndi cholozera chimene chaima pa chipilala chachifupi.

```python
def madzi(h):
    a, b = 0, len(h) - 1
    ma = mb = onse = 0
    while a < b:
        if h[a] < h[b]:
            ma = max(ma, h[a])
            onse += ma - h[a]
            a += 1
        else:
            mb = max(mb, h[b])
            onse += mb - h[b]
            b -= 1
    return onse
```

Chitsanzo ndi zipilala za misinkhu 3, 0, 1, 4, 1, 2. Poyamba zolozera zili pa 3 ndi 2. Chakumanja ndicho chili pachachifupi, motero chimasunga 2 ngati msinkhu wake waukulu, osapeza madzi, n'kusunthira pa 1. Apanso 1 ndi wochepa kwa 3, ndiye 2 kuchotsapo 1 kukupereka kabokosi kamodzi. Cholozeracho chikafika pa 4 chimaima, pakuti tsopano chachifupi chili kumanzere. Chakumanzere chimasunga 3, kenaka pa 0 chimapeza timabokosi 3, pa 1 n'kupeza 2. Zolozera zimakumana pa 4, ndipo madzi onse ndi timabokosi 6.

Chodabwitsa n'choti cholozera chimawerengera madzi chisanaone zipilala za pakati. Chifukwa chake nachi. Chipilala chilichonse chimene cholozera chakumanzere chadutsa chinali chachifupi poyerekeza ndi china cha kumanja, apo ayi cholozeracho sichikanasuntha. Izi zikutanthauza kuti kumanja kuli kale khoma lotalika kuposa msinkhu umene chakumanzere chasunga, ndipo malire a madzi akuikidwa ndi khoma lakumanzere. Ngakhale pakati patapezeka chipilala chachitali bwanji, sichingakweze madziwo, chifukwa angasefukire kumanzere. Zilinso chimodzimodzi ndi cholozera chakumanja. Zipilala ziwiri zikafanana msinkhu, chilichonse mwa zolozerazo chingasunthe popanda kusintha yankho.

Zolakwika zofala ndi ziwiri. Choyamba ndi kuwerengera madzi msinkhu waukulu usanasinthidwe. M'chitsanzo chija, sitepe yoyamba ingakhale 0 kuchotsapo 2, ndipo nambala yotsika kuposa 0 yotereyi ndi chizindikiro chakuti mizere iwiri ya pulogalamu yasinthanitsidwa. Chachiwiri ndi kungoyang'ana zipilala zoyandikana nazo. Chipilala cha 0 chili pakati pa 3 ndi 1, choncho wolakwitsa motere angapeze kabokosi kamodzi m'malo mwa 3, poiwala khoma la 4 limene lili patsogolo. Poyesa pulogalamu, mzere wongokwera ngati 1, 2, 3, mzere wongotsika, ndi mzere wa zipilala zosakwana zitatu, yonse iyenera kupereka 0.

Njirayi imatenga nthawi yolingana ndi kuchuluka kwa zipilala, zimene zimalembedwa O(n), ndipo imasunga manambala asanu okha kaya mzere utalike motani, zimene zimalembedwa O(1). Imagwira pa mzere umodzi basi. Zipilala zikayalidwa m'mizere yambiri ngati bwalo, madzi amatha kuthawira mbali zinayi, ndipo pamenepo kuwerengera kumayambira m'mphepete mwa bwalolo, nthawi zonse pa khoma lotsika koposa, kulowera m'kati.