Kufuna, kukayika ndi kukondwa: pomwe mneni wa Chifalansa amasinthira

Mchewa aliyense amasiyanitsa "ndikudziwa kuti ubwera" ndi "ndikufuna kuti ubwere" osaganiza n'komwe. Chifalansa nachonso chimachita zomwezo: *je sais que tu viens*, koma *je veux que tu viennes*. Mneni wosinthikayu mabuku awo amamutcha *subjonctif*, ndipo amabwera pambuyo pa *que*, yemwe ndi "kuti" wathu uja.

Pa zofuna, Chichewa chimatitsogolera bwino. Ngati wofuna ndi wochita ali munthu mmodzi, timati "ndikufuna kubwera", ndipo Mfalansa amati *je veux venir*, popanda *que*. Kusinthaku kumafunika pokhapokha anthu akakhala awiri, wina wofuna, wina wochita.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Tengani mneni wa *ils* m'nthawi yatsopano, chotsani *-ent*, muikepo *-e* pa *je* ndi *il*, kapena *-es* pa *tu*. *Ils partent*, "akunyamuka", amatipatsa *qu'il parte*. Aneni ena ofala satsata njirayi, n'ngofunika kungowaloweza: *être* amapereka *soit*, *avoir* amapereka *ait*, *faire* amapereka *fasse*.

Tsono tiyerekeze kuti muli pa depoti, mukudikira basi. Mukakhulupirira kuti inyamuka masana, munena kuti *je pense que le bus part à midi*, mneni osasintha. Chikaiko chikangolowa, *part* amasanduka *parte*: *je doute que le bus parte à midi*. Kukana nakonso kumabweretsa chikaiko chomwecho, n'chifukwa chake timamva *je ne pense pas qu'il parte à midi*. Khutu limathandiza apa, pakuti mu *part* "t" samveka, pomwe mu *parte* amamveka.

Povuta kwenikweni ndi pa zakumtima, chifukwa apa Chichewa chimatisiya tokha. Basi ija ikayamba kuyenda, ife timati "ndakondwa kuti ikunyamuka", mneni ali momwemo. Mfalansa amati *je suis content que le bus parte enfin*. Basiyo ikunyamukadi, palibe chokayikitsa, komabe mneni wasintha. Amene anaphunzitsidwa kuti *subjonctif* ndi wa zinthu zosatsimikizika zokha amasokonezeka pomwepa, ndipo ine ndimaona kuti kafotokozedwe kameneko n'koperewera. Wolankhulayo sakulengeza kuti basi ikunyamuka, akunena mmene mtima wake walandirira nkhaniyo. Mantha ndi chisoni zimayenda chimodzimodzi: *j'ai peur qu'il parte sans moi*, "ndikuopa kuti indisiya", ndi *je suis triste que tu sois malade*, "ndili wachisoni kuti ukudwala".

Chenjerani ndi *espérer*, "kuyembekeza". Amaoneka ngati mneni wa zofuna, koma m'chiganizo chovomera sasintha mnzake, kawirikawiri amamusiya m'nthawi yam'tsogolo: *j'espère que le bus partira bientôt*. Koma *souhaiter*, "kulakalaka", amamusintha: *je souhaite qu'il parte bientôt*.