Nambala Imene Imasunga Kapena Kufufuta Nkhope

Munthu amatenga chithunzi cha mayi ake cha pa tsiku la ukwati, n'kuchiika m'pulogalamu ya pakompyuta yopanga zithunzi, n'kulemba kuti ichisandutse ngati chojambula ndi penti. Chimene chimatuluka n'chokongola ndithu. Diresi ndi lomwe lija, kaimidwe n'komweko, koma mayi ali pachithunzipo ndi mlendo. Mphuno yawongoka, chipsera cha pachipumi chasowa, maso ndi a munthu wina. Ambiri amaganiza kuti alakwitsa mawu amene analemba, ndiye amawonjezera kuti "osasintha nkhope". Sizithandiza. Kumene kuli nkhani ndi pa kanambala kamodzi koyambira 0 kulekezera 1. M'mapulogalamu ogwiritsa ntchito Stable Diffusion kanambalaka kali ndi mayina osiyana: mu AUTOMATIC1111 kamalembedwa `Denoising strength`, mu ComfyUI ndi `denoise`, mu Diffusers ndi `strength`. Ife tingokatchula mphamvu.

Kuti timvetse ntchito yake, tiyambe ndi mmene Stable Diffusion, imene inatuluka mu Ogasiti 2022, inaphunzirira kujambula. Anthu amene anaipanga ankatenga zithunzi zenizeni n'kumazithira timadontho tachisawawa, pang'onopang'ono, m'magawo 1000, mpaka chithunzi chitasanduka timadontho tokhatokha. Kenako ankaiphunzitsa kubwerera m'mbuyo, kuchotsa timadonthoto kuti chithunzi chioneke. Luso lake lonse ndi limenelo. Mukangoipatsa mawu okha, imayambira pa timadontho tokhatokha n'kuumba chithunzi chogwirizana ndi mawuwo. Mukaipatsa chithunzi chanu, imayamba yachiwononga kaye pochithira timadontho, kenako n'kuchiyeretsa motsogozedwa ndi mawu anu. Njira imeneyi anaifotokoza mu 2021 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford ndi anzawo, m'kafukufuku wotchedwa SDEdit. Mphamvu ndiyo imanena kuti chithunzi chiwonongedwe kufika pati chisanayambe kukonzedwa.

Masamu ake ndi apafupi. Mu Diffusers, mukasankha masitepe 50 ndi mphamvu ya 0.3, pulogalamu imachita masitepe 15 okha omalizira. Mukasankha 0.8, imachita 40. Pa 1.0 imachita onse 50, ndipo chithunzi chanu chimakhala ngati simunachiikemo n'komwe.

Nanga bwanji nkhope ndiyo imayamba kutha pamene diresi ndi kaimidwe zikadalipo? Timadontho sitiwononga zonse nthawi imodzi. Timayamba kumeza zing'onozing'ono, zikuluzikulu n'kutsalira. Zili ngati munthu akubwera mu nkhungu ya m'mawa: ikakhala yochepa mumamuzindikira, ikakula mumangoona kuti ndi mayi wamtali wovala zoyera, koma kuti ndi ndani simungadziwe. Tsono zimene zimatidziwitsa munthu ndi zing'onozing'ono zomwezo: mpata wa pakati pa maso, mmene mlomo wam'mwamba wapindikira, mzere wotsika kuchokera pamphuno, danga la pakati pa mano. Zimenezi zikamira, pulogalamu ilibe kwina kokazitenga. Siibwereranso kukayang'ana chithunzi choyambirira, ndipo mayi anu siiwadziwa. Imangodzaza pamene pafufutika ndi zimene inazolowera kuona pa zithunzi zambirimbiri za pa intaneti zomwe inaphunzirirapo. N'chifukwa chake nkhope yatsopanoyo imakonda kukhala yosalala, yolingana mbali zonse, yaing'ono msinkhu, ndipo nthawi zina khungu limayererako. Zizindikiro ngati mphini zimatha msanga, chifukwa pulogalamu imaziona ngati timadontho toyenera kuchotsedwa.

Pali chinanso chimene chimapusitsa anthu. Munthu amaganiza kuti 0.5 ndi theka, choncho theka la nkhope litsala. Ayi. Mu Stable Diffusion 1.5 timadontho timachuluka mofulumira kuposa pamenepo. Pofika cha pa 0.35, timadontho timakhala talingana kale mphamvu ndi chithunzi. Pa 0.5 chithunzi chimatsala ndi gawo loposa pang'ono limodzi mwa magawo anayi, ndipo pa 0.75 chimatsala ndi magawo ngati 6 pa 100. Tsono taonani: AUTOMATIC1111 imabwera itaikidwa kale pa 0.75, Diffusers pa 0.8. Amene sanakhudze nambalayi wataya nkhope asanayambe n'komwe.

Tibwerere ku chithunzi cha ukwati chija. Tinene kuti ndi cha mapikiselo 512 m'litali ndi 512 m'lifupi, ndipo mayi aima thupi lonse likuoneka. Stable Diffusion siigwira ntchito pa mapikiselo mwachindunji. Imayamba yachipanikiza chithunzi kasanu ndi katatu mbali iliyonse, n'kutsala timabokosi 64 m'litali ndi 64 m'lifupi. Ngati nkhope ya mayi ili mapikiselo 80 m'lifupi, ndiye kuti yatsala timabokosi 10 tokha, diso lililonse timabokosi tiwiri. Nkhope yotere imasinthika pang'ono ngakhale mphamvu itakhala pafupi ndi 0, chifukwa kupanikiza ndi kutambasulanso pakokha kumataya zina. Pa 0.25 mayi amazindikirika bwino, koma penti imene munapempha imangooneka patalipatali. Pa 0.45 penti yagwira, komabe achibale akaona anena kuti akufanana ndi mng'ono wawo. Pa 0.7 kwatsala diresi ndi kaimidwe basi. Chikanakhala chithunzi cha nkhope yokha yodzaza malo onse, nkhopeyo ikanapirira mphamvu yokulirapo, chifukwa mphuno ndi maso zikanakhala zikuluzikulu. N'chifukwa chake palibe nambala imodzi yoyenera zithunzi zonse, ndipo manambala ndaperekawa ndi poyambira chabe.

Vuto lenileni n'lakuti nambala imodzi yomweyo ikugwira ntchito ziwiri zokanganirana. Kuti chithunzi chisinthe maonekedwe, pafunika kuwononga zambiri. Kuti munthu akhale yemwe uja, pafunika kuwononga zochepa. Mawu olembedwa sangathetse mkangano umenewu, chifukwa amangotsogolera zodzazidwa pamene pafufutika, sabweza zimene zapita.

Odziwa ntchitoyi amagawa chithunzi. Mu AUTOMATIC1111 muli gawo la `Inpaint`, mmene mumapaka malo amene mukufuna asinthe. Mumapaka zovala ndi zakumbuyo n'kuikapo mphamvu yaikulu, nkhope n'kuisiya. Kenako mumapaka nkhope yokha ndi mphamvu yochepa kuti igwirizane ndi zinazo, mutasankha `Only masked`, imene imakulitsa malowo isanawakonze, motero nkhope imapeza timabokosi tambiri. Palinso ControlNet, imene inatuluka mu Febuluwale 2023, yomwe imasunga mizere ya chithunzi choyambirira n'kumaikumbutsa pulogalamu pa sitepe iliyonse. Imathandiza kwambiri kuti chibwano ndi mphuno zisasunthe, ngakhale kuti mtundu wa khungu ndi zipsera zimathabe kusokonekera.

Poyesa, musasinthe zinthu zambiri nthawi imodzi. Ikani `Seed` pa nambala imodzi kuti timadontho tikhale tomwe tija, yambirani pa 0.2, n'kumakwera ndi 0.05. Chithunzi chilichonse chikatuluka chikulitseni, muchiike pambali pa choyambirira, muyang'ane maso, mano ndi makutu, pakuti ndi zimene zimayamba kupotoka. Ndipo poti inu mwachiyang'ana kambirimbiri mpaka maso azolowera, chionetseni munthu wina wa m'banjamo osamuuza kuti ndi ndani. Akachedwa kutchula dzina, tsitsani nambalayo.