Kachitsulo kamene kamanunkhiza utsi ife tili m'tulo

Mabanja ena a ku Namitete, Nsaru ndi Mpingu ali ndi kachipangizo koyera, kozungulira ngati kambale, kamene kamalira kakamva utsi. Ena anakagula mu mzinda wa Lilongwe, ena kanabwera m'katundu wa m'bale wochokera ku Joni. Koma tikakatembenuza, pa timaalamu tina timapezapo chizindikiro cha mapiko atatu chochenjeza za radiyeshoni, ndi zilembo zakuti Am-241. Apa mtima umagunda. Kodi tapachika poizoni pamwamba pa ana athu? Tisanakaponye m'nkhokwe, tiyeni tione zimene zili m'kati mwake.

Zilembozo zikuimira chitsulo chotchedwa amerisiyamu. Sichikumbidwa m'nthaka monga yureniyamu ya ku Kayelekera. Chimapangidwa ndi anthu, ndipo amene anayamba kuchipanga ndi Glenn Seaborg ndi anzake ku Chicago m'chaka cha 1944. Mu alamu imodzi amaikamo kochepa kwambiri. Titatenga galamu imodzi n'kuigawa m'magawo 3 miliyoni, gawo limodzi ndilo lili m'menemo. Amakasakaniza ndi golide n'kukapsinja kukhala kachitsulo kopyapyala, kenako amakatsekera m'kachipinda kachitsulo kokhala ndi timipata tolowera mpweya.

M'kachipindamo muli timbale tiwiri tachitsulo toyang'anizana, tolumikizidwa ku batire, ndipo pakati pake pali mpweya wokhawokha. Mwachibadwa mpweya sudutsitsa magetsi. Ntchito ya amerisiyamu ndi kusintha zimenezi. Usana ndi usiku amaponya tizidutswa tosaoneka totchedwa alufa. Tizidutswato timagunda mpweya n'kuusiya uli ndi mphamvu ya magetsi, ndipo timbale tija timaukoka. Motero magetsi ochepetsetsa amawoloka kuchoka pa kambale kena kupita pa kanzake, ngati madzi oyenda pang'onopang'ono mu ngalande ya kudimba. Alamu imangoyang'anira kayendedwe kameneka. Akamayenda bwino, iyo ili chete.

Tsopano tiyerekeze kuti ndi usiku, magetsi azima, ndipo mwana wagona akuwerenga, kandulo ili chiyakire pafupi ndi katani. Katani ikagwira moto, utsi wotentha umakwera kudenga n'kufalikira. Ukalowa m'timipata tija, mpweya umene unanyamula magetsi umamatirira ku tizidutswa ta utsi, timene ndi tolemera ndi toyenda mochedwa. Magetsi owoloka amachepa, monga madzi amachepera zinyalala zikatseka ngalande. Alamu ikazindikira kuchepako imalira. Kulirako n'kofunika chifukwa munthu wogona sadzutsidwa kawirikawiri ndi fungo la utsi. Utsiwo umangomufooketsa ali m'tulo momwemo.

Nanga tizidutswa ta alufa sitingatifike pamene tagona? Ayi. Mu mpweya timayenda masentimita osapitirira 5 n'kutha mphamvu. Pepala limodzi la m'kope limatitchinga, ndipo sitingaboole ngakhale khungu lakunja la munthu. Choncho timathera m'kachipinda komweko. N'zoona kuti amerisiyamu amatulutsanso cheza china chofooka chotchedwa gama, chimene pang'ono chimatuluka kunja, koma chimachepa msanga munthu akatalikira. Mu 2001 bungwe la boma la America loyang'anira za nyukiliya, la NRC, linapeza kuti munthu wokhala ndi timaalamu tiwiri totere m'nyumba amalandira radiyeshoni yosakwana mamiliremu 0.002 pa chaka. Imeneyi timailandira kale kuchokera m'nthaka, m'miyala ndi kumlengalenga lisanathe tsiku limodzi. Ekisire imodzi ya pachifuwa, yonga imene dokotala angatilembere ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, imaposa pamenepa maulendo opitirira 1,000, chikhalirecho ndi yothandiza ndipo sitiyiopa ikafunika.

Ngozi ya amerisiyamu imabwera akalowa m'thupi, pomeza kapena popuma fumbi lake, chifukwa m'kati mulibe khungu lotchinga. N'chifukwa chake anamumanga m'golide n'kumutsekera. Udindo wathu ndi wosatsegula kachipindako. Tikudziwa mmene anyamata amakondera kumasula wailesi ndi tochi zakufa pofuna mawaya. Alamu yakale isakhale m'gulu limenelo. Tisaiphwanye ndi nyundo, tisaitenthe padzala, ndiponso tisaipereke kwa ogula zitsulo zakutha. Tichotse batire, tiisunge yathunthu pamalo osafikira ana, ndipo tifunse kumene tinaigula kapena ku AERA, bungwe loyang'anira za radiyeshoni m'dziko muno motsatira lamulo la 2011.

Chimene chimagwetsa mabanja ambiri ndi malo opachika. Alamu yamtunduwu imamva msanga tizidutswa ting'onoting'ono ta utsi, ngakhale ta mafuta okazingira mandasi kapena ta nsima yopserera. Ikakhala kukhitchini kapena pafupi ndi pophikira nkhuni, imalira tsiku lililonse. Mapeto ake wina amatopa nayo n'kuchotsa batire, ndipo usiku wa ngozi imapezeka ili duu. Tiipachike mamita osachepera 3 kuchokera pophikira, pakhonde la m'kati loyang'ana zipinda zogona. M'nyumba ya siling'i ikhale pasiling'i pomwepo. M'nyumba yopanda siling'i tiikhomere pamtanda pafupi ndi denga, koma osaipanikiza pansonga penipeni, pamene mpweya suyenda. Ikamalira popanda utsi, kawirikawiri mwalowa fumbi, nthunzi kapena tizilombo, ndipo kuipukuta kunja ndi kuchotsa ndandaule m'timipata kumathandiza.

Pali zinthu ziwiri zimene alamuyi sichita bwino, ndipo tiyenera kuzidziwa. Choyamba, imachedwa pa moto wonyeka pang'onopang'ono wopanda malawi, monga khala likagwera pa matiresi. Moto wotere umagwidwa msanga ndi mtundu wina wa alamu umene umagwiritsa ntchito kuwala ndipo mulibe amerisiyamu. Amene angathe, ndi bwino akhale ndi mitundu yonse iwiri. Chachiwiri, siimva mpweya wakupha wochokera ku makala. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, ena amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka zitseko ndi mawindo. Mpweya umenewo ulibe fungo, suoneka, ndipo alamu ya utsi ikhoza kukhala chete mpaka m'mawa anthu akukomoka. Mbaula isagone m'chipinda, kaya alamu ilipo kaya palibe.

Kamodzi pa mwezi tidine batani loyesera mpaka ilire, ana ali pomwepo kuti aidziwe mawu ake. Ikamalira kamodzikamodzi motalikirana ngati mwanapiye, ikupempha batire latsopano. Tionenso deti limene inapangidwa, lolembedwa kumbuyo kwake, makamaka ngati tinaipeza pa kaunjika kapena inachotsedwa m'nyumba ina. Ikakwana zaka 10 tiisinthe. Amerisiyamu amakhala asanathe, poti pamatenga zaka 432 kuti mphamvu yake itsike ndi theka. Zimene zimakalamba ndi mawaya, kabelu kake ndi kachipinda kodzala fumbi.

Ndiye ngati mwaiona alamu yanu ili ndi chizindikiro cha mapiko atatu, musaitsitse. Gulani batire, dinani batani, ndipo madzulo ano mugwirizane pabanja khomo lotulukira ndi mtengo wa pabwalo pamene nonse mudzakumane ikadzalira usiku.