Mwachotsa apu mufoni, koma khadi likudulidwabe ndalama

Pafoni palowa uthenga wa kubanki wonena kuti muakaunti mwachoka K17,500, chonsecho simunagule kanthu. Mwezi wamawa tsiku lomwelo ndalama yomweyo ichokanso. Ambiri zikatere amaganiza kuti aberedwa ndi akuba a pa intaneti, ndipo nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri chimene chikudya ndalamayo ndi mgwirizano wolipira mwezi ndi mwezi umene mwini akauntiyo anavomera yekha, n'kuganiza kuti anauthetsa pamene sanauthetse.

Tiyerekeze mayi wina wogulitsa zitenje amene amatsatsa malonda ake pa WhatsApp. Waika apu yokongoletsera zithunzi kuchokera pa Google Play. Apuyo yamulonjeza masiku 7 aulere, koma yamupempha kuti alembe kaye nambala ya khadi lake la Visa. M'munsi mwa sikirini, m'zilembo zing'onozing'ono, mwalembedwa kuti masikuwo akatha azilipira madola 9.99 pamwezi. Patapita masiku atatu waona kuti apuyo sikumuthandiza, ndipo waichotsa mufoni. Kwa iye nkhani yatha. Koma tsiku laulere lomaliza likangodutsa ndalama ichoka, ndipo ngati dola ikusinthidwa pa K1,750, imeneyo ndi pafupifupi K17,500. Akapanda kuzindikira kwa miyezi itatu, K52,500 yapita. Popeza mtengo wake uli m'madola, umakwera wokha Kwacha ikagwa. Pamene Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wolipira m'madola anayamba kudulidwa zambiri popanda kampani kukweza mtengo.

Mayiyu wasokoneza zinthu zitatu zosiyana. Pali apu imene ili mufoni, pali mgwirizano umene uli pa akaunti yake ya Google, ndiye pali khadi limene akauntiyo yasunga. Kuchotsa apu sikukhudza ziwiri zinazo ngakhale pang'ono. Zili ngati kusamuka m'nyumba ya lendi usiku osauza landilodi: m'buku mwake mudakali wokhalamo, ndipo mwezi ukatha awerengera.

Mwina mungadabwe kuti ndalama ikuchoka bwanji popanda banki kukutumizirani nambala yachinsinsi ija yotsimikizira. Nambalayo, pamodzi ndi manambala atatu a kuseri kwa khadi, imafunika tsiku loyamba lokha. Patsikulo mumapereka chilolezo choti kampaniyo izidzitengera ndalama nthawi ikakwana. Makampani ambiri sasunga n'komwe nambala yeniyeni ya khadi, amasunga chizindikiro choimira khadilo, ndipo n'chokwanira kuti azilipiritsa popanda kukufunsaninso.

Choyamba, tsono, ndi kudziwa kuti ndalama ikupita kwa ndani, chifukwa mgwirizano umathetsedwa kumene unapangidwira. Yang'anani uthenga wa kubanki kapena sitetimenti. Mukaona mawu oyamba ndi GOOGLE * ndiye kuti mumalipira kudzera ku Google, ndipo APPLE.COM/BILL akutanthauza kuti ndi ku Apple. Likaoneka dzina la kampaniyo palokha, monga Netflix, ndiye kuti munalembetsa mwachindunji, ndipo muyenera kulowa pa tsamba lake, kupita pa Account n'kusankha zothetsa umembala.

Kwa mayi wathu uja njira ndi iyi. Atsegule Play Store, adine kachithunzi kake kumwamba kudzanja lamanja, asankhe Payments & subscriptions, kenako Subscriptions. Pamenepo apeza apu ija ili pamndandanda ngakhale kuti mufoni mulibe. Aidine, n'kusankha Cancel subscription. Apa m'pofunika kudekha, chifukwa angafunsidwe chifukwa chimene akuchokera, ndipo mapulogalamu ena amayamba apereka mwayi wongoimitsa kaye. Kuimitsa si kuthetsa, nthawi yake ikatha malipiro amayambiranso. Apitirize kudina mpaka sikirini itanena kuti mgwirizano wathetsedwa n'kuonetsa tsiku lomaliza. Wa iPhone alowe mu Settings, adine dzina lake, kenako Subscriptions. Apple imalangiza kuti masiku aulere muziwathetsa kusanatsale maola ochepera 24 kuti athe.

Pali msampha wina umene umagwira anthu ambiri kwathu kuno. Munthu atsegula Subscriptions n'kupeza mulibe kanthu, chonsecho ndalama ikuchokabe. Nthawi zambiri n'chifukwa choti mufoni muli maakaunti awiri a Google: imodzi anamutsegulira mnyamata wa pamsika pogula foni, ina anatsegula yekha pambuyo pake. Mgwirizano umaoneka pa akaunti imene inalembetsa yokha. Fufuzani mu imelo zonse, ndipo imene ili ndi risiti ndiyo yoyenera kulowamo. Ngati pasiwedi yake inatsala ndi wapamsika uja, yambani mwaisintha, pakuti khadi lanu lili m'menemo.

Mukathetsa, jambulani sikiriniyo ndipo musunge imelo yotsimikizira. Dziwaninso kuti nthawi zambiri kuthetsa sikubweza ndalama imene yadulidwa kale. Mumangopitiriza kugwiritsa ntchito mpaka tsiku limene munalipirira litakwana. Kupempha kuti akubwezereni ndi nkhani ina, ndipo imayenda bwino mukapempha msanga.

Mukatero m'pamene muchotse khadi. Ambiri amayambira kukhadi poganiza kuti ndiyo njira yachidule, koma ine sindingalangize zimenezo. Mukachotsa khadi mgwirizano ukadalipo, masitolo ena amakana mpaka mutaika lina. Ena amatenga ndalama pa khadi lachiwiri ngati munalisunga ngati lapadera. Ndipo ngati munavomera mgwirizano wa chaka chathunthu wolipira pang'onopang'ono, kulephera kwa khadi sikufafaniza ngongole. Pa Google Play, pitaninso pa Payments & subscriptions, musankhe Payment methods, kenako More payment settings, mupeze khadilo n'kudina Remove. Pa Amazon makhadi amakhala pa Your Payments, ndipo mumasankha khadi, kudina Edit, n'kulichotsa. Dziwani kuti katundu amene munaitanitsa kale ndi khadilo sathetsedwa chifukwa choti mwalichotsa. Musaiwalenso Chrome, imene imasunga makhadi payokha pansi pa Payment methods mu Settings, makamaka ngati foni kapena kompyutayo mumabwerekana ndi ena.

Nanga kungopita kubanki kukatseketsa khadi n'kutenga latsopano? Ngati khadi labedwa kapena ndalama ikupita kumene simukudziwa n'komwe, chitani zimenezo tsiku lomwelo. Koma monga njira yothetsera mgwirizano n'kosadalirika. Visa ndi Mastercard ali ndi dongosolo limene, kumabanki amene amaligwiritsa ntchito, limadziwitsa makampani nambala ya khadi latsopano kuti malipiro asaduke. Munthu akhoza kulipira khadi latsopano n'kupeza kuti ndalama ikuchokabe ngati kale.

Banki imathandiza kwenikweni pamene mwathetsa bwinobwino koma kampani yakudulanibe. Yambani mwalembera kampaniyo. Ikapanda kuyankha kapena ikakana, pitani kunthambi ya banki yanu ndi chithunzi cha sikirini chija, imelo yotsimikizira ndi sitetimenti yoonetsa tsiku limene ndalama inachoka, mukapemphe kutsutsa malipirowo. Popanda umboni wa tsiku limene munathetsa, dandaulo lanu limakhala lofooka, chifukwa kampani ili ndi umboni wa tsiku limene munavomera. Nthawi yodandaulira ilinso ndi malire, kawirikawiri masiku 120, choncho tsiku lolipira lotsatira likafika yang'anani muakaunti, ndipo mukaona kuti ndalama yachokanso pitani kubanki sabata yomweyo.