Kodi maphunziro ndi amene apangitsa alimi kuthira manyowa?

Tiyerekeze kuti mwafunsa alimi 200 mafunso awiri: ngati anaphunzitsidwapo ndi alangizi, ndiponso ngati amathira manyowa m'munda. Mayankho onse ndi a inde kapena ayi, choncho choyenera ndi kuwerenga anthu ogwera m'gulu lililonse pa tebulo la zipinda zinayi. Mwa ophunzitsidwa 100, othira ndi 60, osathira 40. Mwa osaphunzitsidwa 100, othira ndi 40, osathira 60.

Mu SPSS tebuloli limapezeka mukatsata `Analyze > Descriptive Statistics > Crosstabs`. Funso la maphunziro liikeni pa `Row(s)`, la manyowa pa `Column(s)`. Pa `Statistics` chongani `Chi-square` ndi `Phi and Cramer's V`, ndipo pa `Cells` muwonjezere `Expected` ndi `Row`.

Kai-sikweya amayerekezera zimene mwapeza ndi zimene zikanapezeka mafunso awiriwa akanakhala osakhudzana. Othira onse ndi theka la alimiwa, motero chipinda chilichonse chikanakhala ndi anthu 50. Koma chilichonse chasiyana ndi 50 ndi anthu 10. Chulukitsani 10 ndi 10, mugawe ndi 50, mupeza 2. Zipinda zinayi pamodzi zikupereka 8, ndipo pa mzere wa `Pearson Chi-Square` mudzaona p ali 0.005. Tanthauzo lake ndi lakuti pakanakhala popanda mgwirizano, kusiyana kwakukulu chonchi kukanaoneka pafupifupi kasanu kokha pa kafukufuku 1,000 wotere.

Excel imafuna thukuta pang'ono. Mukapanga tebulo ndi `PivotTable`, ziwerengero zoyembekezereka muwerengetse nokha: anthu onse a mumzere kuchulukitsa ndi onse a mumpanda wotsika, kugawa ndi 200. Kenaka lembani:

```
=CHISQ.TEST(B2:C3,F2:G3)
```

Chenjerani, chimene chimatuluka apa ndi p, osati 8 uja.

Pofika polemba lipoti ndi pamene ambiri amaterereka. Amangoti zotsatira n'zodalirika, osanena gulu limene lili patsogolo, chonsecho wowerenga amafuna chomwecho. Lembani chonchi: alimi 60 mwa 100 ophunzitsidwa amathira manyowa, poyerekeza ndi 40 mwa 100 osaphunzitsidwa, `χ²(1, N = 200) = 8.00, p = .005`. Onjezani kuti `Phi` ndi 0.2, kusonyeza mgwirizano wocheperapo mphamvu. Musalembe kuti maphunziro ndiwo achititsa. N'kutheka kuti amene amapita kwa alangizi ndi omwewo oweta ng'ombe, amene ndowe ali nazo kale pakhomo. Tebulo la mafunso awiri silingasiyanitse zimenezi.

Musanatumize lipoti, werengani timalemba ta pansi pa tebulo la SPSS. Tikanena kuti zipinda zopitirira 20 peresenti zili ndi chiwerengero choyembekezereka chosakwana 5, p wa kai-sikweya musamukhulupirire. Pa tebulo la zipinda zinayi, lembani p wa pa mzere wa `Fisher's Exact Test` m'malo mwake.