Timatumba ta zinyalala tomwe timaulula liwiro la kuwola kwa masamba m'nthaka

Mlimi akawojekera mapesi a chimanga m'mizere, mvula n'kugwa, nthawi zina mmera umatuluka wachikasu ngati wodwala. Mnzake wa munda woyandikana naye, yemwe anakwirira masamba aawisi a gilisidiya, chimanga chake chimabiriwira msanga. Onsewa anaika zinyalala m'nthaka, koma zinyalalazo siziwola pa liwiro limodzi, ndipo sizipereka chakudya ku mbewu pa nthawi imodzi. Akatswiri a za nthaka amayeza liwiro limeneli ndi chipangizo chosavuta: kathumba kosokedwa ndi nsalu ya timabowo ngati ya neti ya udzudzu.

Ntchito yake imayenda chonchi. Amatenga masamba, n'kuwaumitsa, n'kuyeza mulingo wofanana pa sikelo, tinene magalamu 20 pa kathumba kalikonse. Amasoka pakamwa, amamangirira chizindikiro cha nambala, kenako amakayala timatumbato pamwamba pa nthaka kapena kutikwirira mumzere. Timatumba timakhala tambiri chifukwa kamene kafukulidwa sikabwereranso m'munda. Pakatha milungu iwiri amafukula tinayi kapena tisanu, pa mlungu wachinayi tina, mpaka nyengo itatha. Zotsala mkatimo amazichotsa dothi ndi timizu, amaziumitsa mu uvuni pa madigiri 60 mpaka 70, n'kuziyezanso.

M'chaka cha 1963, katswiri wa ku America Jerry Olson anafalitsa njira yowerengera imene ambiri akuigwiritsabe ntchito. Mfundo yake ndi yakuti mlungu uliwonse zinyalala zimataya gawo lofanana la zomwe zatsala. Choncho poyamba zimatha mofulumira, kenako pang'onopang'ono, chifukwa zotsalazo zikunka zichepa. Liwiro limenelo amalipatsa chilembo k:

```
k = -ln(Mt / M0) / t
```

Apa M0 ndi kulemera kwa poyamba, Mt ndi kulemera kwa zotsala, t ndi nthawi yomwe yapita, ndipo ln ndi batani lopezeka pa kakyuleta ya ana a ku sekondale.

Tiyeni tiyese ndi manambala ongoyerekeza, koma ofanana ndi momwe masamba ofewa amachitira m'nyengo ya dzinja. Taika magalamu 20 a gilisidiya. Pakutha pa milungu 4 tapeza magalamu 10. Tikagawa 10 ndi 20 tikupeza 0.5, batani la ln likutipatsa -0.693, ndipo tikagawa ndi milungu 4, k akukhala pafupifupi 0.17 pa mlungu. Mapesi a chimanga nawo, magalamu 20 atsika kufika pa 16 pakutha pa milungu 8, ndiye k wake ndi 0.028 basi. Kuti tidziwe nthawi imene theka la zinyalala lidzathe, timagawa 0.693 ndi k. Gilisidiya akutenga milungu 4, mapesi akutenga milungu pafupifupi 25. Chimanga chimakhala chitakhwima kale mapesiwo asanafike n'pa theka pomwe.

Koma wofufuza wosamala sakhutira ndi sikelo ya tsiku limodzi. Tinene kuti gilisidiya uja anali magalamu 14 pa mlungu wachiwiri, 6.5 pa mlungu wa 8, ndi 5.5 pa mlungu wa 12. Tikawerengera k pa tsiku lililonse payekha tikupeza 0.18, kenako 0.17 uja, kenako 0.14, pomaliza 0.11. Nambala yomwe imayenera kukhala imodzi ikunka itsika. Uku si kulakwitsa masamu. Tsamba lili ndi magawo awiri: shuga ndi zina zosungunuka zomwe mvula ndi tizilombo zimamaliza m'masiku oyambirira, ndi ulusi wolimba wotchedwa liginini, umene umakanirira miyezi. Zikatere, akatswiri amasiya k mmodzi n'kuwerengera awiri, wa gawo lofewa ndi wa gawo lolimba. N'chifukwa chake ine ndikaona k m'lipoti, ndimayamba ndafunsa kuti timatumbato tinakhala m'munda nthawi yaitali bwanji. Wa milungu 4 ndi wa chaka chathunthu sangayerekezedwe, ndipo wowerengedwa pa tsiku sangaikidwe pambali pa wowerengedwa pa mlungu osamusintha kaye.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimanamiza sikelo kuno kwathu. Choyamba ndi dothi. Mvula ikamenya, katondo amalowa m'timabowo n'kumatirira pa masamba, mwakuti kathumba ka mlungu wa 12 kakhoza kulemera kuposa ka mlungu wa 8. Ukaona zotere, dziwa kuti ukuyeza dothi. Mankhwala ake ndi kutentha pang'ono pa zotsalazo m'ng'anjo ya madigiri 500 kapena kuposerapo, n'kuchotsera kulemera kwa phulusa pa kulemera konse. Chachiwiri ndi chiswe. Chimaboola nsalu, n'kusiya kathumba kopanda kanthu, kodzaza timichubu ta dothi, pomwe tinzake ta tsiku lomwelo tidakali ndi theka. Masambawo sanawolere pamenepo, anangosamutsidwira ku chulu. Kukula kwa timabowo nakonso kumasintha yankho: ta milimita 1 timatsekereza chiswe chachikulu ndi nyongolotsi kunja, ndipo k amatuluka wocheperapo kusiyana ndi zomwe zimachitikadi m'munda, pamene ta mamilimita 5 timalola tizidutswa kugwa tisanawole.

Tsopano funso la mlimi: chakudya cha mbewu chili kuti? Kulemera kokha sikuyankha. Zotsala za m'kathumba amazipimanso kuchuluka kwa nayitirojeni, mchere uja umene timagula mu feteleza wa yureya. Tinene kuti gilisidiya wathu anayamba ndi magawo 3.5 pa 100 alionse, omwe ndi magalamu 0.70 m'kathumba. Pa mlungu wachinayi magalamu 10 otsalawo ali ndi magawo 2.8 pa 100, omwe ndi magalamu 0.28. Ndiye kuti magawo 60 pa 100 a nayitirojeni atuluka m'mwezi umodzi wokha. Mapesi aja anayamba ndi magawo 0.6 pa 100, magalamu 0.12. Pa mlungu wa 8 magalamu 16 otsalawo ali ndi magawo 0.9 pa 100, omwe ndi magalamu 0.144. Mapesi apepuka, koma nayitirojeni wachuluka kuposa amene tinaikamo!

Wachokera m'nthaka. Tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe tikudya mapesi timafuna nayitirojeni womangira matupi awo, ndipo popeza mapesi ali naye wochepa, timakatenga yemwe mizu ya chimanga inkayembekezera. Mmera wachikasu uja ndi umenewu. Mcherewo sunatayike, udzabwerera tizilomboto tikamafa, koma mbewu ya chaka chino ikhoza kukhala itavutika kale. Akatswiri ali ndi muyezo wothandiza: masamba okhala ndi nayitirojeni woposa magawo 2.5 pa 100, ndi liginini wosafika magawo 15 pa 100, kawirikawiri amapereka chakudya msanga. Osafika pamenepo amayamba atenga asanapereke.

Kufulumira nakonso kuli ndi vuto lake. Gilisidiya akakwiriridwa kudakali milungu yambiri chimanga chisanamere, mvula yoyamba imakokolera nayitirojeni pansi pomwe mizu yaing'ono singafike. Ku Makoka, malo a kafukufuku wa ulimi pafupi ndi Zomba, akatswiri anayamba kulima gilisidiya pamodzi ndi chimanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mitengoyo ankaidulira n'kukwirira masamba ake m'mizere. Kwa mlimi wotsatira njira imeneyi, k wa 0.17 akutanthauza kuti masamba okwiriridwa pa nthawi yobzala amakhala atapereka gawo lalikulu la mchere wawo chimanga chikamafika m'mawondo, ndipo n'chifukwa chake pamafunika kuduliranso ulendo wina nyengo ili mkati, kuti masamba atsopano agwire ntchito ya feteleza wobereketsa.