Kalata imene ndinalembera a viza pofuna kukaona mng'ono wanga ku Glasgow

Munthu wa ku Malawi amene akufuna kukacheza ku UK amafunsira chilolezo chotchedwa Standard Visitor visa. Fomu yake imadzazidwa pa intaneti, pa tsamba la GOV.UK, kenako umapita ku Lilongwe kukakujambula nkhope ndi zidindo za zala. Palibe amene amakukakamiza kulemba kalata yofotokoza ulendo wako. Koma dziwani kuti nthawi zambiri amene amagamula pempholo sakuona ndipo sakufunsa funso. Iye amaona mapepala basi. Ngati mapepalawo asiya funso lopanda yankho, amaliyankha yekha, ndipo kawirikawiri yankho lake silikukomera.

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kumudzi kuno ku Ntcheu, chakumtunda kwa Tsangano, ndipo mng'ono wanga amachita maphunziro a digiri yachiwiri ku Glasgow, ku Scotland. Kalata yanga inali ya tsamba limodzi ndi theka, m'Chingerezi chosavuta ngati chomwe timaphunzitsa ana a Sitandade 8. Pano ndikufotokozerani m'Chichewa zimene zinali mmenemo.

Ndime yoyamba inali yaifupi: dzina langa monga lilili m'pasipoti, nambala ya pasipotiyo, ntchito yanga, ndi chiganizo ichi: "Ndikupempha kukacheza kwa mng'ono wanga kuyambira pa 5 mpaka pa 19 Ogasiti, masiku 14, pa holide ya sukulu." Vizayi imalola munthu kukhala mpaka miyezi 6, ndipo ena amalemba miyezi yonseyo poganiza kuti akudzipatsa mpata. Kwa mphunzitsi, kumeneko ndi kudzikola. Mphunzitsi wanji amasiya kalasi theka la chaka? Masiku anga ndinawatenga pa kalendala ya sukulu, ndipo ndinanena kuti chaka chatsopano cha maphunziro chimayamba mu Seputembala, pomwe ndiyenera kukhala ndili kutsogolo kwa bolodi. Ahedi anandilembera kalata yotsimikiza kuti ndimaphunzitsa pamenepo kuyambira chaka chakuti, ndipo ku ofesi ya maphunziro pa Ntcheu boma ndinakatenga yondiloleza kutuluka m'dziko. Masiku a m'makalata onse atatu, ndi a pa fomu, anali amodzimodzi.

Pamene ndinakhalitsa ndi pa ndalama.

Malipiro a mphunzitsi wa pulayimale sangagule tikiti ya ndege yopita ku Ulaya, ndipo a viza amaona zimenezo pa pepala la malipiro asanawerenge n'komwe kalata yako. Choncho palibe chobisa. Malamulo awo amalola kuti munthu wina akulipirire, bola akhale munthu amene ubale wanu ndi weniweni, ali m'dzikolo movomerezeka, ndiponso ndalamazo alidi nazo. Ndinagawa ulendowo pawiri. Tikiti ya ndege, chakudya ndi pogona: mng'ono wanga. Ndalama ya viza, ulendo wa ku Lilongwe ndi yam'thumba: ine. Iye analemba kalata yake yondiitana, yonena zomwezo, n'kuphatikizapo masitetimenti ake a ku banki, kalata ya yunivesite yotsimikiza kuti ndi wophunzira, ndi umboni wa chilolezo chake chokhala m'dzikolo. Apa pali kanthu kamene ambiri sakaganizira: nyumba zambiri za ophunzira zili ndi malire a masiku amene mlendo angagone. Iye anali m'nyumba ya lendi, ndiye anafunsa kaye mwini nyumba, ndipo adiresi yake inalowa m'makalata onse awiri.

Tsopano sitetimenti yanga. Ndinapereka ya miyezi 6, ndipo mwezi uliwonse malipiro ankalowa, n'kutha mwezi usanathe, monga zimakhalira ndi tonsefe. Koma mu Epulo munalowa K900,000 tsiku limodzi. Kwa ife a kuno palibe chachilendo: ndi kachewere. Tinakumba, ogula anabwera ndi lole, ndalama inalowa. Munthu amene sanaonepo msika wa Lizulu akaona ndalama yotere, amaganiza kuti wina wakubwereka kuti akaunti ioneke yonenepa, ndipo zimenezi zimakanitsa anthu ambiri. Ndinalemba motere: "Ndalama ya K900,000 imene inalowa pa 17 Epulo ndi ya mbatata ya kachewere imene ndinalima pa munda wa banja lathu. Wogula analipira kudzera pa foni, ndipo ndaphatikiza sitetimenti ya pa foniyo." Ziganizo ziwiri zokha, koma chilichonse chili ndi pepala lake kumbuyo. Ndinafotokozanso ndalama imene amandidula mwezi ndi mwezi ya ngongole ya ku SACCO, kuti asadabwe chifukwa chake yolowa m'banki ikuchepa poyerekeza ndi malipiro onse.

Mnzanga wina anandiuza kuti ndibwereke mamiliyoni atatu kwa wamalonda, agone m'akaunti sabata imodzi. Ndinakana, ndipo inunso kanani. Ndalama yotere imaonekera patali ngati mbuzi m'munda wa nyemba. Choopsa koposa n'chakuti ukapezeka kuti wanena bodza kapena wapereka pepala lachinyengo, akhoza kukutsekera zaka 10.

Funso lachitatu ndi lakuti: kodi ubwerako? Kulumbira sikuthandiza pano. Mawu akuti "ndimakonda dziko langa" aliyense amalemba. Ine ndinatchula zinthu zogwirika: ntchito ya boma yokhazikika, ana anga awiri amene adzatsale ndi bambo awo, ndi mayi athu amene ndimawasamala ndine popeza mng'onoyo ali kutali. Ana ndinaperekera zikalata zawo za kubadwa. Munda ndinautchula mosamala. Kuno malo ambiri ndi a makolo, amayenda kuchikazi, ndipo alibe chikalata cha umwini. Ndinalemba momwemo, kuti ndi malo a banja opanda chikalata, n'kuyikapo kalata ya amfumu. Kalatayo inali m'Chichewa, ndiye inafunika kumasuliridwa, chifukwa pepala lililonse limene silili m'Chingerezi kapena m'chinenero cha ku Wales liyenera kupita ndi kumasulira kwake, kokhala ndi dzina la womasulira, siginecha yake, tsiku ndi momwe angamupezere.

Za ubale wathu zinali zosavuta chifukwa tonse timatchula dzina limodzi la bambo. Amene munasintha dzina pokwatiwa, kapena amene wina amatchula mfunda wina dzina la bambo, fotokozani m'kalatamo ndi chiganizo chimodzi. Komanso ngati amene mumamutcha mchemwali ndi mwana wa mayi aang'ono, nenani choncho. Kwathu ndi mbale wako ndithu, koma pa mapepala awo ubalewo uli ndi dzina lina.

Zina musataye nazo ndalama. Malangizo awo amanena okha kuti zithunzi za pabanja, kusungitsa malo ku hotela kapena tikiti ya ndege si umboni umene amaufuna. Tikiti tinagula viza itatuluka. Amalola kufunsira miyezi 3 ulendo usanafike, ndipo yankho limatenga pafupifupi masabata atatu kuchokera tsiku lopereka zidindo za zala. Ine ndinafunsira kumayambiriro kwa Juni kuti pakhale mpata, podziwa kuti akakukana pa viza yokacheza, nthawi zambiri palibe apilo, umayambiranso, n'kulipiranso.

Viza itabwera inali ya miyezi 6, ngakhale ndinapempha masiku 14. Mng'ono wanga anachonderera: "Akulu, khalani mpaka Okutobala, mwavutikira kale." Ndinakwera ndege pa 19 Ogasiti. Ndikadzafunsiranso, mwina pa tsiku lake lolandira digiri, adzayang'ana masiku amene ndinalemba m'kalata ija n'kuwayerekeza ndi amene ndinakhaladi.